Mwini ngongole akapanda kuyankha kalata

Chaka cha mabuku chikamatha, makopaletivu a alimi a kachewere kuno ku Dedza amawerenga zonse: ndalama zakubanki, matumba otsala, ndi ngongole zomwe ogula sanabweze. Ndalama ungaziwerenge, matumba ungawakhudze, koma ngongole ndi chiwerengero chabe cholembedwa ndi mlembi. N'chifukwa chake ife owunika mabuku timalembera ogulawo kuti atiuze okha kuti ali ndi ngongole ya zingati.

Kalatayi imasayinidwa ndi akuluakulu a kopaletivu, chifukwa wogula sangaulule za malonda ake kwa mlendo. Koma woitumiza ndine, ndipo yankho limabwera kwa ine. Mlembi akadzipereka kuti aipititsa yekha popeza akulowera komweko, ndimathokoza n'kukana. Ndondomeko ya ntchito yathu yotchedwa ISA 505 imanena zomwezo: kalata isachoke m'manja mwa wowunika. Ndimakondanso kusiya mpata kuti wogula alembe yekha ndalamazo, chifukwa munthu wotanganidwa amangosayina chilichonse chomwe wachipeza cholembedwa kale.

Koma kunena zoona, ambiri sayankha. Wina bokosi lake lakupositi analisiya kalekale, wina akuopa kuti akasayina ndiye kuti mawa amutengera kukhoti. Ndimadikira masabata awiri, n'kutumiza kalata yachiwiri. Kenako ndimaimba foni pa nambala yomwe ndaipeza ndekha. Yomwe wandipatsa mlembi sindiidalira, poti wolandira foniyo akhoza kukhala mlamu wake. Zonse zikakanika, sindilemba kuti wavomera. Kukhala chete sikutsimikiza kanthu, mwina kalatayo sinafike n'komwe.

Tiyerekeze kopaletivu ina ya ku Bembeke yomwe imatseka mabuku pa 30 Juni. Mabuku akuti malo ena odyera a ku Lilongwe ali ndi ngongole ya K1,800,000, ya maulendo atatu: K450,000 ya mu Febuluwale, K700,000 ya mu Meyi ndi K650,000 ya mu Juni. Makalata awiri apita, yankho palibe.

Choyamba ndimatsatira ndalama zomwe zalowa chaka chitatha. Munthu salipira katundu yemwe sanalandire, choncho ngati walipira, ngongoleyo inalikodi. Ndimapempha sitetimenti yakubanki ya Julayi ndi Ogasiti, pamodzi ndi ya Airtel Money kapena Mpamba ngati amalandirira kumeneko. Malisiti olemba mlembi yekha sakwanira. Tinene kuti pa 12 Julayi palowa K700,000, pa 25 Julayi K650,000, zonse m'dzina la malo odyerawo. Ndisanasangalale ndimaona kaye ngati wogulayu sanatengenso katundu wina mu Julayi, chifukwa mwina ndalamazo n'za katundu watsopanoyo. Ndimayang'ananso dzina la wotumiza. Pali kuba kwina komwe mlembi amadya ndalama za wogula uyu n'kukwirira dzenjelo ndi ndalama za wogula wina, ndipo amagwidwa pa mayina omwe sakugwirizana.

Zikayenda bwino, K1,350,000 yatsimikizika. Yatsala K450,000, ndipo apa ndiye pamafunika kukhala pansi. Ndalamayi sinalowe, ndiye ndimabwerera ku mapepala a katundu: invoisi, buku lotulutsira matumba mosungiramo, ndi pepala lomwe wolandira anasayina katundu atafika ku Lilongwe. Lofunika kwambiri ndi lomalizali, chifukwa ndi lokhalo lomwe lakhudzidwa ndi munthu wakunja. Invoisi aliyense angailembe ali khale pampando.

Ngakhale mapepala onse atapezeka, funso limodzi silichoka: munthu angalipire bwanji ngongole ya Meyi ndi Juni n'kulumpha ya Febuluwale? Nthawi zambiri pamakhala nkhani. Febuluwale ndi nthawi ya mvula, ndipo kachewere wonyowa sachedwa kuola m'thumba, mwina wogula anaukana katunduyo koma m'mabuku sanafufute. Mwinanso analipira pamanja kwa dalaivala, ndalama n'kuthera m'njira. Mapepala aja amangosonyeza kuti katundu anapita, sanena kuti ndalama idzabwera.

Zikatero ndimakwera minibasi. Ku Lilongwe si kutali, ndipo mwini malo yemwe sanayankhe makalata awiri kawirikawiri amatsegula buku lake ukamupeza maso ndi maso. Akanena kuti matumbawo anaola, K450,000 iyenera kuchotsedwa kapena kuikidwa pa ngongole zokayikitsa mamembala asanagawane phindu, apo ayi agawana ndalama yomwe kulibe. Akaonetsa lisiti, nkhaniyo ndimaipereka kwa komiti yoyang'anira, osati kwa mlembi. Ndipo akuluakulu akandiletsa kulembera wogula wina ponena kuti akhumudwa, ndimafunsa chifukwa chake, ndimachilemba, ndipo ngongole ya wogula ameneyo ndi yomwe ndimayamba nayo.