Bwana, nenani tsiku ndi chifukwa chake musanaitane wantchito

"Mawa 8 koloko mubwere ku ofesi." Uthenga wa pa WhatsApp wathera pomwepo, ndipo wafika Lamlungu madzulo. Mlangizi wa zaulimi wa bungwe lina, amene amagwira ntchito ndi alimi a mbatatesi cha ku Lobi, sagona usiku umenewo. Kodi ndalakwa chiyani? Kontirakiti yatha? Akukafika pa boma la Dedza atazizidwa pa kabaza, n'kumva kuti abwana amangofuna kuunika mmene wagwirira ntchito chaka chino. Makaundula a makalabu ake wawasiya kunyumba. Afunsidwa kuti alimi angati analandira mbewu, iye angoti "ngati 200 kapena kuposa", ndipo pa fomu palembedwa kuti sadziwa ntchito yake.

Ife tikuti vuto apa ndi kaitanidwe. Zokambirana zounika ntchito zimawonongeka zisanayambe ngati munthu waitanidwa ngati wopalamula.

Sabata imodzi ndi yokwanira kumudziwitsa, masabata awiri ngati amagwirira kutali ndi ofesi. Kuposa pamenepo amaiwala, kapena amangodya nkhawa mwezi wonse. Uthengawo unene zinthu zonse poyera, mwachitsanzo: "Bambo, Lachitatu sabata yamawa 10 koloko tidzakambirane mmene ntchito yayendera kuyambira Epulo. Aliyense mu ofesi muno akhala ndi tsiku lake. Tidzatenga ola limodzi, tili awiri. Fomu ndi iyi, mudzaze mbali yanu, ndipo mubweretse makaundula a makalabu. Ngati tsikuli silikuyenererani, mundiuze lina." Chiganizo choti aliyense akhala ndi tsiku lake musachisiye. N'chimene chimachotsa mantha oti wasankhidwa yekha.

Fomu itsogole, asakaione koyamba pa tebulo la abwana. Mlangizi uja akaiona msanga, apeza nthawi yowerenga makaundula n'kubwera ndi nambala yeniyeni ya alimi. Akumbukiranso kuti kalabu ina inachedwa kubzala chifukwa mbewu inafika mochedwa kuchokera ku ofesi komweko. Mfundo ngati imeneyi munthu wodzidzimutsidwa saikumbukira, imamubwerera ali pa kabaza pobwerera kwawo.

Za ola lake, ganizirani Dedza mmene alili. Mu Juni ndi Julaye m'mawa kumazizira koopsa ndipo nkhungu imakuta mapiri, kotero 8 koloko kwa munthu wochokera ku Lobi kapena ku Mayani ndi chilango. Nthawi ya mvula misewu yafumbi imaterera, ndipo mlangizi amafunika kumunda pamene alimi akubzala. Ola la 10 limamupatsa mpata wofika, kumwa tiyi, mtima n'kukhala pansi. Lachisanu 4 koloko ndi nthawi ina yoipa: abwana maso ali pa msewu wa M1 wopita ku Lilongwe, nkhani idulidwa pakati, ndipo wantchito apita nayo kunyumba kukaiganizira mpaka Lolemba. Ndalama yoyendera nayonso inenedwe mu uthenga womwewo. Munthu amene wakongola ya kabaza amalowa mu ofesi mutu uli pa ngongole.

Pali abwana ena amene amati kudzidzimutsa n'kwabwino, chifukwa ukamuuziratu munthu amakonza mabodza. Koma bodza limagwidwa ndi makaundula, ndipo makaundulawo amabwera pokhapokha mwamuuza kuti awabweretse. Ngati mukukayikira kuti sapita kumunda, kamuyendereni komweko mosamuuza. Imeneyo ndi ntchito ina.

Chimene tikuchikana kwambiri ndi kubisa mlandu mkati mwa kuunika ntchito. Lamulo la ntchito la 2000, m'gawo 57, limati munthu asachotsedwe ntchito pa zifukwa za khalidwe kapena kagwiridwe kake asanapatsidwe mwayi wodziteteza. Ngati pali ndalama zosowa, mulembereni kalata yonena mlanduwo, ukhale ndi tsiku lakelake. Mukamuitana kuti "tidzangocheza za ntchito" kenako n'kutulutsa kalata yomuchenjeza, nkhaniyo ikhoza kukuvutani ku khoti loona za ntchito, ndipo anzake onse adzabwera pa tsiku lawo atatseka pakamwa.

Kwa inu achinyamata amene mwalandira uthenga wopanda mutu uja, kufunsa si mwano. Yankhani mwaulemu: "Zikomo bwana, ndingadziwe kuti tikakambirana zotani, kuti ndibweretse zofunika?" Akati n'zounika ntchito, pemphani fomu ndi masiku angapo okonzekera. Pempholi likhale lolemba pa foni, ndipo musalifufute.

Ndipo abwana, tsiku mwalinena lisungeni. Mlangizi amene wafika kuchokera ku Lobi n'kuuzidwa pakhomo kuti mwapita ku msonkhano wataya tsiku lathunthu la kumunda ndi ndalama ya ulendo wopita ndi kubwerera. Ngati kusintha n'kosapeweka, muimbireni dzulo lake, ndipo mutchule tsiku latsopano pa foni yomweyo.