Moto pawokha suchotsa poizoni wa chinangwa chowawa

M'makomboni a Lusaka ambiri timakhulupirira kuti chakudya chikapsa, basi chakhala bwino. Pa nyama ndi madzi akumwa zimenezi n'zoona, koma pa chinangwa chowawa, chimene anzathu a Chibemba amachitcha tute, chikhulupiriro chimenechi chingagoneke banja lonse m'chipatala. Ufa wa chinangwa walowa m'nyumba zambiri kuchokera pa chilala cha 2024, pamene chimanga chinavuta, ndipo ambiri aife tikuuphika popanda agogo pafupi otiuza zimene zimachitika ufawo usanafike m'thumba.

Chinangwa chilichonse, chozuna ndi chowawa chomwe, chili ndi mankhwala otchedwa linamarini. M'muzu womwewo muli chinthu china, linamarezi, chimene ntchito yake ndi kuphwanya linamarini. Muzu ukakhala wathunthu ziwirizi zimakhala m'zipinda zosiyana. Ukafewa, ukasinjidwa kapena kupalidwa, zimakumana, ndipo pamatuluka sayanaidi, poizoni amene amasanduka mpweya pa madigiri 26 chabe n'kuuluka. Ntchito yonse yokonza chinangwa ndi imeneyi: kukumanitsa ziwirizi, kenako kupatsa poizoniyo mpata wothawa.

Moto umachita zosiyana ndi zimenezi. Kutentha kumapha linamarezi, koma linamarini satha ndi kuwira kwa madzi. Mukaponya muzu wowawa wosaviika pa mbaula, mwapha wantchito amene akanachotsa poizoni, ndipo poizoniyo mwamusiya kuti akatulukire m'mimba mwanu. Kuwiritsa kumathandizako chifukwa linamarini wina amasungunukira m'madzi, makamaka mukadula tizidutswa ting'onoting'ono, mukathira madzi ambiri ndi kuwataya pambuyo pake. Pa chinangwa chozuna, chimene chimakhala ndi sayanaidi wosafika mamiligalamu 50 pa kilogalamu, zimenezi n'zokwanira. Chowawa chingafike mamiligalamu 400, ndipo m'chaka cha chilala poizoni amakwera kuposa nthawi zonse. Pamenepo mphika wokha sungathe.

Tinene kuti amalume akutumizirani mizu yowawa pa basi yochokera ku Mansa. Yambani tsiku lomwelo kapena mawa lake, chifukwa chinangwa chokumbidwa sichichedwa kuwonongeka. Sendani makoko onse, lakunja lofiirira ndi lamkati lokhuthala, poti m'makoko ndi mmene muli poizoni wambiri. Tsukani, dulani mizu yaikulu, ikani m'ndowa kapena m'dilamu, ndipo thirani madzi mpaka chidutswa chilichonse chimire. Chimene chatulukira pamwamba sichikuviikidwa, chikungoda. Siyani masiku atatu mpaka asanu. M'Okutobala masiku atatu angakwane, koma m'Juni ndi Julaye madzi amazizira, kuwola kumachedwa, ndipo mungafunike asanu kapena kupitirira.

Kalendala isakunamizeni, funsani chala. Muzu woviikika bwino umafewa mpaka pakati, umaphwanyika mukaufinya, ndipo mtsitsi wapakati uja umasololoka wosavuta. Madzi amachita thovu ndi fungo lowawasa lomwe aneba angadandaule nalo. Fungolo ndi umboni wakuti ntchito ikuyenda. Ngati pakati pakadali gwa, bwezerani m'madzi. Madzi oviikirawo tayani kutali ndi ana, nkhuku ndi mbuzi.

Kuyanika nakonso kuli ndi ntchito yake yochotsa poizoni, sikungoteteza ufa ku nkhungu ayi. Pambuyo poviika, poizoni wina amakhala ataphwanyika koma asanauluke, ndipo amachoka pamene madzi akuuma. Finyani, phwanyani m'tizidutswa, yalani mopyapyala pa mphasa kapena pa thandala padzuwa, muzitembenuza. Chauma pamene chidutswa chikuthyoka kuti thyo ngati choko, osati kupindika. Dziwaninso kuti kuyanika kopanda kuviika ndi njira yofooka: dzuwa likaumitsa muzu msanga, linamarezi amaleka ntchito linamarini wambiri akadalimo. Makaka otero amaoneka oyera bwino, ndiye amakopa maso pamsika.

Apa ndi pamene ife a m'tauni tili ndi mlandu. Timafuna ufa woyera ngati bulekifasi, wopanda fungo, wotchipa, ndipo tikufuna lero. Wogulitsa amene ali ndi ngongole ndi ana a sukulu akaona kuti wodikira masiku anayi ndi woviika tsiku limodzi alandira makwacha ofanana, mukuganiza asankha chiyani? Ena adzati makolo athu ku Luapula, ku Mongu ndi ku Mwinilunga adya chinangwa kuyambira kale osafa. N'zoona, koma iwo ankaviika mokwanira ndipo ankadyera nsomba. Thupi limachotsa sayanaidi pogwiritsa ntchito salufa wopezeka m'zakudya zomanga thupi monga kapenta, mazira, nyemba ndi nshawa. Munthu wodya nsima ya chinangwa ndi masamba okha tsiku ndi tsiku alibe chitetezo chimenecho.

Njala ikafupikitsa masiku oviika, pamabwera konzo, matenda oumitsa miyendo mwadzidzidzi amene alibe mankhwala ochiza. Amagwira kwambiri ana ndi amayi a msinkhu wobereka, ndipo wodwala amayenda monyang'ama, miyendo itauma. M'chilala cha 1981 ku Nampula, ku Mozambique, anthu oposa 1,000 anapuwala motere. Kuno kwathu konzo yapezekapo ku Chigawo cha Kumadzulo.

Nanga ufa wogula ku Soweto, umene simukudziwa mbiri yake? Pali njira imene wasayansi wa ku Australia, Howard Bradbury, anaipeza, ndipo siifuna ndalama. Ikani ufa m'mbale, lembani pamene wafika. Thirani madzi pang'onopang'ono mukusakaniza. Ufawo uyamba watsika, kenako ukwera, ndipo ukafikanso pa chizindikiro chija lekani. Uyenera kunyowa wonse koma osakhala phala. Uyaleni pa lichero kapena pa thireyi, kukhuthala kwake kusapitirire sentimita imodzi, pafupifupi chikhadabo cha chala. Siyani panja maola awiri padzuwa kapena maola asanu pamthunzi, kenako phikani nsima tsiku lomwelo. Madziwo amadzutsa linamarezi wotsala mu ufa, ndipo kupyapyala kumalola mpweya wa poizoni kuthawa.

Njirayi imatsitsa sayanaidi katatu mpaka kasanu ndi kamodzi. Malire amene bungwe la zaumoyo padziko lonse limavomereza ndi mamiligalamu 10 pa kilogalamu ya ufa. Ufa wa mamiligalamu 30 utsikira pa 10 kapena pansi, zomwe zili bwino. Koma wa mamiligalamu 120 utsala pakati pa 20 ndi 40, ukadali pamwamba. Ndiye kunyowetsa ufa sikulowa m'malo mwa kuviika mizu, ndipo ufa kapena makaka owawa pa lilime musagule ngakhale mtengo utsike bwanji.

Katapa nayenso ali ndi linamarini wochuluka kuposa muzu. Msinjeni mumtondo mpaka asalale musanamuike pamoto, kenako awire nthawi yokwanira mumphika wosavundikira.

Ngati anthu angapo m'nyumba ayamba chizungulire, mutu, kusanza, kupweteka m'mimba kapena kupuma movutikira patangopita maola ochepa atadya chinangwa, musadikire kuti kuche. Pitani nawo kuchipatala, muuze anesi chimene adya, ndipo ufa wotsalawo munyamule kuti wina asauphikenso.