"Posachedwa" si nthawi

Mpope ukauma kuno ku Twapia, uthenga wa kampani ya madzi umakhala womwewo: pepani makasitomala, paipi yaphulika, madzi abwera posachedwa. Ukatha pamenepo, zii, masiku atatu. Kuphulika kwa paipi sitikukwiya nako, chitsulo chimakalamba. Chotipweteka ndi mawu akuti "posachedwa".

Tiwerengere limodzi. Dilamu limalowa malita 210. Banja la anthu 6, aliyense akamagwiritsa ntchito chigubu chimodzi cha malita 20 pa tsiku, limatha malita 120. Dilamulo silifika masiku awiri. Choncho mayi wa pa nyumba ali ndi funso limodzi: ndichape lero kapena ndisunge? Mukanena kuti madzi abwera madzulo, achapa. Mukanena kuti Lachinayi, asiya zovala, atuma ana ndi wilibala kukagula madzi ku mjigo mzere usanatalike. Mukanena kuti "posachedwa", achapa, dilamu liuma, ndipo mawa lake banja likumwa za m'chitsime chosazama, choyandikana ndi chimbudzi. Kolera ya 2023 ndi 2024 sitinaiwale.

Akuluakulu amati sanganene tsiku chifukwa iwonso sadziwa mpaka atakumba. Tamva. Ndiye nenani zomwezo: "Tikukumbabe, madzi sabwera lero, tikuuzaninso 6 koloko madzulo." Ikakwana 6 kolokoyo, lankhulani, ngakhale palibe chatsopano. Kawiri pa tsiku n'kokwanira: m'mamawa anthu asanapite ku ntchito ndi ku msika, ndiponso madzulo kusanade, potunga pakadali potheka. Uthenga wa ola lililonse sitiufuna, tidzaleka kuwerenga. Ndipo ngati mukukayika pakati pa Lachitatu ndi Lachinayi, tiuzeni Lachinayi. Madzi obwera msanga sanakwiyitsepo munthu.

Za kukula kwa paipi ndi dzina la pampu sungani m'mafayilo anu. Ife titchulireni makomboni okhudzidwa ndi mayina awo, osati "madera ena a Ndola". Koma pa chifukwa chake musabise, pakuti chimasintha zochita zathu. Pa 18 Febuluwale 2025 damu la zinyalala za mgodi wa Sino-Metals ku Chambishi linagumuka, asidi n'kulowa mu Mwambashi ndi Kafue, ndipo madzi a ku Kitwe anatsekedwa. Pa vuto lotere, kungoti "vuto la makina" kungatumize anthu kumtsinje womwewo. Paipi yophulika nayo ili ndi chake: madzi oyamba amabwera ndi matope, choncho nenani kuti tiwawiritse kapena tithiremo kolorini.

Pomaliza, njira. Chidziwitso cha Chingerezi pa Facebook chimafika kwa amene ali ndi bandulo. Manambala athu a foni muli nawo, bilu imatipeza mwezi uliwonse osaphonya. Tumizani uthenga pa nambala yomweyo, m'Chibemba ndi m'Chinyanja, ndipo muuzenso ogulitsa madzi pa makiyosiki, amene timawafunsa poyamba.