ZA UMOYO: NSIMA ICEPE, NDIWO ZICULUKE

M'nyumba zambiri za ku Woodlands, munthu akauzidwa kucipatala kuti ali ndi matenda a shuga a mtundu waciwiri, cinthu coyamba kucotsedwa pathebulo ndi mbale ya shuga. Nsima itsala monga kale, mitanda itatu ya ufa woyera wa bulekifasiti. Komatu shuga wambiri wolowa m'magazi a wodwalayo acokera mu nsimamo. Pa magalamu 100 alionse a ufa wa cimanga, magalamu oposa 70 ndi sitaci, ndipo sitaci ikagayidwa m'mimba isanduka shuga.

Kuletsa nsima kotheratu sikuthandiza, pakuti wouzidwa tero amvera sabata imodzi cabe. Cofunika ndi kukula kwa mtanda ndi ndiwo zimene upita nazo. Muyeso wabwino ndi mtanda umodzi wolingana ndi cibakera ca wodwala mwiniyo. Ufa wa rola ndi mgaiwa ziposa bulekifasiti cifukwa gaga atsalamo, koma sitaci yake ndi yocuruka ndithu. Ena akasintha ufa ayesa kuti apeza ufulu woonjezera mitanda, ndipo adabwa poona kuti shuga sanatsike.

Cakudya cothandiza koposa ndi nyemba: kabulangeti, solwezi, khobwe kapena nzama, zonse zopezeka m'misika ya Lusaka pa mtengo wocepera wa nyama. Nyemba ziri ndi ulusi umene mimba siigaya, ndipo ulusiwo ucedwetsa cakudya, kotero kuti shuga alowa m'magazi pang'ono-pang'ono m'malo mothamangira nthawi imodzi. Zikhutitsanso, ndiye cifukwa cake mtanda waciwiri suvuta kuusiya. Koma nazonso ziri ndi sitaci yake. Theka la kapu ya tiyi, kapena kapu imodzi yosadzaza, ya nyemba zophika ikwanira pa cakudya cimodzi.

Ndiwo zamasamba ziribe malire otere. Cibwabwa, bondwe, kalembula, repu, impwa ndi delele ziyenera kudzaza theka la mbale, ndipo nkwabwino kuyamba kudya izo nsima isanakhudzidwe. Zotendera ndi nsinjiro nzabwino, kungoti nshawa ziri ndi mafuta ambiri, ndipo wofuna kucepetsa thupi asapitirire dzanja limodzi patsiku. Soda wothira mu delele acepe, makamaka kwa amene magazi ao athamanga kale.

Mwacitsanzo, pangakhale kalaliki wa ku Woodlands amene madzulo adya mitanda itatu, nthuli ya nkhuku ndi repu wa supuni ziwiri, natsirizira ndi kapu ya maheu. Akapima magazi ndi kamakina ka kunyumba patapita maora awiri, angapeze nambala 13 kapena 14. Madokotala afuna kuti nambala imeneyi ikhale pansi pa 10, ndipo ya m'mawa asanadye kanthu ikhale pakati pa 4 ndi 7. Tsiku lotsatira bamboyo adye mtanda umodzi wa rola, theka la kapu ya kabulangeti, cibwabwa codzaza theka la mbale, gwafa mmodzi ndi madzi, apimenso pa nthawi yomweyo. Kusiyana kwa manambala awiriwo ndiko kudzamuuza zoona. Ngati nambala ikali pamwamba pa 10 kwa masiku angapo, mtanda ucepenso; ikakanabe kutsika, apite nalo kabuku kolembamo manambalawo ku cipatala ca Cilenje kapena ku UTH, pakuti mwina mankhwala ndiwo afunika kusintha.

Pali zakudya zina zonyenga cifukwa anthu aziona ngati zakumudzi. Kandolo, cinangwa, sampu ndi dzungu siziri m'gulu la ndiwo. Ziri m'gulu la nsima, ndipo wodya cimodzi ca izo asiye nsima pa cakudyaco. Maheu, thobwa ndi munkoyo wothira shuga zikweza shuga mofulumira kwambiri. Zipatso zidyedwe zathunthu, cimodzi pa nthawi, osati zofinya. Nyengo ya mango, pamene mitengo ya m'mayadi ikhuthula zipatso zaulere, ndiyo igwetsa ambiri.

Wodwala amene abaya insulini kapena amwa mapirisi a gilibenkilamaidi asacepetse nsima mwadzidzidzi osauza dokotala. Mankhwala amenewa atsitsa shuga ngakhale munthu atadya pang'ono, ndipo nambala ikafika pansi pa 4 wodwala anjenjemera, atuluka thukuta, mutu usokonezeka. Pamenepo amwe madzi osungunulamo masupuni ang'ono atatu kapena anai a shuga, apimenso patapita mphindi 15. Amene impso zao zinayamba kufooka afunsenso kucipatala asanacurukitse nyemba ndi masamba.