Pepala la Wamalonda Wamadzulo

Munthu amene amagwira ntchito ya muofesi masana, nagula ndi kugulitsa ndalama zakunja madzulo ndi kathumba ka madola 500, ayenera kulemba papepala msika asanautsegule kuti pa malonda amodzi sadzataya zoposa limodzi mwa magawo 100 a thumbalo, ndiwo madola 5. Pakuti wofika kunyumba atatopa, mtima uli phuphuphu, sakumbukira pangano losalembedwa. Pamenepo alembenso mtengo wotulukira zikavuta, nauike ngati `stop-loss` nthawi yomweyo, popeza mawa abwana sadzamlola kuyang'ana foni. Ndipo akaluza katatu motsatizana, madola 15 atapita, atseke sabata imeneyo. Ine ndinasuntha malirewo kamodzi, ndikuti mtengo ubwerera, ndipo ndinataya madola 40 usiku umodzi.

— Mlembi wa Zamsika