Madzi saiwala khwawa: za akalozera ndi vetiva ku Rivirivi

Sabata yatha ndinali kwa alamu anga ku Balaka, m'dera la zaulimi la Rivirivi. Ndinawapeza m'munda dzuwa lili paliwombo, akusosa. Tisanamalize n'komwe malonje, anandikokera kumunsi kwa munda kukandionetsa chinthu chimene akuti chawabweza m'thumba: dothi lakuda, lofewa, lomwe launjikana kuseri kwa mzere wa udzu wa vetiva mpaka kupanga kachitunda. Anazikamo mpini wa khasu n'kunena kuti, "Alamu, dothi ili likadakhala lili ku Nkula pano."

Sanali kuseka. Mtsinje wa Rivirivi umachokera kumapiri a ku Ntcheu, n'kudutsa m'boma la Balaka mpaka kukathira mu Shire. Dothi lomwe limaufiiritsa mu Januwale ndi lochokera m'minda mwathu, ndipo lina limakathera kumadamu opangira magetsi ku Nkula ndi Tedzani. Kafukufuku amene boma linachita mothandizana ndi FAO anapeza kuti mu 2014 dziko lino linkataya matani pafupifupi 29 a dothi pa hekitala iliyonse pa chaka. Pa ekala imodzi, amenewo ndi matumba oposa 230 olemera makilogalamu 50 lililonse. Chopusitsa n'chakuti dothi lonselo mukaliyala pamunda, kuchindikala kwake kumangopitirira pang'ono mamilimita awiri. Diso silingaone. Mlimi amangodabwa kuti miyala ikuchuluka, katondo wayamba kuonekera, ndipo feteleza yemweyo sakuchitanso kanthu.

Ndikudziwa kuti mawu oti mizere yopingasa ali ndi mbiri yowawa kuno. Agogo athu amakumbukira nthawi ya malimidwe, pamene atsamunda ankalipiritsa ndi kumanga anthu chifukwa cha migula ndi milambala, mpaka Inkosi Gomani II ya ku Ntcheu inachotsedwa pampando mu 1953 itakana malamulo amenewa. Koma chimene chinalakwika chinali chikwapu, osati mzere. Choncho tiyeni tione mmene alamu anachitira, kuyambira pomwe anaphonya.

Munda wawo ndi ekala imodzi: mamita 50 chopingasa, mamita 80 kutsetsereka. Chaka choyamba anamva kuti mizere iyenera kupingasa, ndipo anailima poyeza ndi maso. Maso ananama. Mzere uliwonse unali ndi malo amodzi otsika, pafupi ndi chitsa cha mtengo wa mango, ndipo madzi a m'khwawa lonse la mzere ankathamangira pamenepo. Tawerengani nokha: mvula ya mamilimita 50, yomwe ikhoza kugwa masana amodzi, imathira malita 200,000 pa ekala. Amenewo ndi madiramu 1,000. Mzere wakumtunda utabooka, madzi ake anakawonjezera pa wachiwiri, wachiwiri pa wachitatu, ndipo pofika kumunsi anali atakumba chigwembe chofika m'mawondo. Mzere wopingasa wosayezedwa bwino umawononga kuposa wotsetsereka, chifukwa umasonkhanitsa madzi onse n'kuwatulutsira pamalo amodzi.

Chaka chotsatira anapita kwa alangizi, omwe anawaphunzitsa kupanga chida chotchedwa A-felemu. Ndi mitengo iwiri yowongoka yomangidwa pamodzi kumutu, miyendo yake itatalikirana mamita awiri pansi, ndi mtengo wachitatu wopingasa pakati. Kumutu mumamangako chingwe chokhala ndi mwala kunsonga, cholendewera kupitirira mtengo wopingasawo.

Pali chinthu chimodzi chomwe ambiri amalumpha, ndipo ndicho chimapha ntchito yonse. Chizindikiro cha pamtengo wopingasa sichiikidwa pongoyeza pakati. Imikani chidacho pansi, khomani zikhomo pomwe pali miyendo, ndipo lembani pomwe chingwe chaima. Kenaka tembenuzani chidacho kuti miyendo isinthane malo, mulembenso. Pakati penipeni pa zizindikiro ziwirizo ndi pomwe muyenera kusema. Chingwe chikaima pamenepo, ndiye kuti miyendo yonse ili pamlingo umodzi. Yesaninso m'mawa uliwonse, poti zingwe zomangira zimakhwepa.

Chida chomwechi chimakuuzani kutalikirana kwa akalozera. Alamu anaika mwendo umodzi kumtunda, wina kumunsi, n'kukweza wakumunsiwo mpaka chingwe chitafika pachizindikiro. Mpata wa pansi pa mwendowo unali masentimita 16. Anayesa malo atatu ndipo zinali zofanana. Ndiye kuti mundawo umatsika masentimita 16 pa mamita awiri aliwonse, ndipo kuti utsike mita imodzi yathunthu pamafunika mamita 12 ndi theka. Iwo anasankha kuika kalozera paliponse pomwe munda watsika mita imodzi, choncho pa mamita 80 panalowa akalozera asanu ndi mmodzi. Munda wotsetsereka kwambiri, wa mpata wa masentimita 40, ukhoza kufuna kalozera pa mamita asanu aliwonse, ndipo malo otero mizere payokha siikwanira. Ndi ofunika mitengo ndi udzu kuposa chimanga.

Kuyeza kumayambira kumtunda nthawi zonse. Mukayambira kumunsi, madzi ochokera kumtunda adzagumula ntchito yanu isanakhazikike. Mumakhoma chikhomo m'malire, n'kuyendetsa chidacho ngati munthu woponda mwendo uwu kenaka uwo, kukhoma chikhomo paliponse pomwe chingwe chagwirizana ndi chizindikiro. Pa mamita 50 alamu ankatembenuza ka 25. Akafika kumapeto ankaima patali n'kuyang'ana zikhomozo. Chomwe chalumphira pambali chifukwa cha dzenje kapena chulu ankachibwezera pang'ono kuti mzere ukhote mofatsa. Kenaka anaunda kalozera motsata zikhomo, wamkulu ndi wotalika kuposa mizere wamba. Ntchito imeneyi ndi ya chilimwe chino, munda uli poyera.

Kalozera, monga dzina lake, ntchito yake n'kulozera. Mizere yobzalapo iyenera kuphwanyidwa n'kulimidwanso momutsata, motalikirana masentimita 75. Vuto ndi lakuti akalozera awiri sayenda mofanana. Pena amayandikana, pena amatalikirana. Mukatsata wakumtunda yekha mpaka pansi, mizere yomaliza idzakhala itapendekeka. Njira yake ndi kulima theka la mizere motsata kalozera wakumtunda, theka lina motsata wakumunsi, ndipo mpata wotsala pakati mutsekemo timizere tifupitifupi. M'makwawa a mizere alamu anaikamo ngonyeka pa mamita awiri kapena atatu aliwonse. Ngonyeka ikhale yofupikirapo kuposa mzere, kuti madzi akadzadza asefukire cham'mbali m'malo mobowola mzere. Kuno ku Balaka, komwe mvula imatha kudula masabata awiri chimanga chili m'mawondo, madzi osungidwa chotero ndi amene amapulumutsa mbewu. Koma pa dothi la makande, lomwe silimwa madzi msanga, chenjerani: chaka cha mvula yambiri chimanga chimachita chikasu, ndipo ndi bwino kutsegula ngonyeka zina.

Tsono kalozera ndi dothi chabe. Mvula ndi ziweto zimamuphwetsa. Chomukhazikitsa ndi vetiva. Udzu umenewu mizu yake imalowa pansi molunjika, mamita awiri kapena kuposa, m'malo moyanga m'mbali kukalimbana ndi chimanga, ndipo mtundu womwe timabzala kuno sufalikira ndi njere. Moto ukautentha umaphukanso. Umabzalidwa nthaka itanyowa bwino, cha mu Januwale, m'mbali mwa kalozera chakumtunda. Mumazula phata, kudula masamba kutsala masentimita 15 mpaka 20, kudulanso mizu pang'ono, n'kugawa timagulu ta mapesi atatu. Kagulu kalikonse kabzalidwe pa masentimita 10 mpaka 15, ndipo mutsendere dothi ndi chidendene.

Apa ndi pomwe alamu anaphonyanso. Akalozera asanu ndi mmodzi a mamita 50 ndi mamita 300, ndipo pa masentimita 10 pamafunika timagulu 3,000. Iwo anapeza udzu wochepa, naumwaza pa akalozera onse motalikirana phazi lathunthu ndi theka. Unamera bwino, wobiriwira, koma madzi ankangodutsa m'mipata, ndipo pampata uliwonse panakumbika kangalande. Vetiva amagwira ntchito ngati sefa, ndipo sefa yobooka siisefa. Mukakhala ndi wochepa, malizani kalozera mmodzi kapena awiri akumtunda mothithikana, wotsalayo mubzale panazale pafupi ndi madzi kuti mudzagawe chaka chamawa. Pomwe wafa, bwezeranipo nthawi yomweyo. Akakula muzimudula kutsala masentimita 30 mpaka 50 kuti achite mphukira zambiri ndiponso asaphimbe mbewu. Masambawo ndi ofolerera nyumba kapena ophimbira nthaka. Amene ali ndi ng'ombe kapena mbuzi amakonda nsenjere poti ndi chakudya cha ziweto, koma nsenjere imadyera limodzi ndi mizere yoyandikana nayo, ndipo ziweto zikamasulidwa m'chilimwe zimaimaliza.

Mudzadziwa bwanji kuti zikuyenda? Pitani kumunda mvula ikangokata, osati mawa lake. Madzi akhale ataima mofanana m'khwawa lonse la mzere. Mukaona adzadza mbali imodzi kwina kuli gwaa, mzerewo wapendekeka. Mukaona mchenga woyera utayalana kunsi kwa kalozera, fufuzani pamwamba pake, pali pobooka.

Mtengo wake ulipo, tisabise. Akalozerawo adya malo okwana ngati gawo limodzi mwa magawo 18 a munda wa alamu, ndipo chaka cholimanso mizere chinali cha thukuta. Komanso munda suli pachilumba. Madzi omwe anawavutitsa kwambiri sanali a m'munda mwawo, koma otsika ndi kanjira ka m'malire kuchokera kwa anansi akumtunda. Njira ndi malire zotsetsereka ndi zomwe zimabala zigwembe zambiri kuno. Anachita kukakhala pansi ndi anansiwo pamaso pa amfumu, n'kugwirizana kukweza kanjirako kuti kakhale pamwamba pa mizere ndi kulumikiza akalozera a minda iwiriyo. Zinatenga miyezi, poti nkhani ya malire sikhala yopepuka.

Chigwembe chija lero chatsala pang'ono kukwiririka. Anachitchinga ndi miyala ndi mizere ifupiifupi ya vetiva, kuyambira kumutu kwake. Pochoka ndinawafunsa chomwe akadasintha akadayambiranso. Anati, "Ndikadayamba ndi nazale, alamu, ndisanagwire n'komwe khasu." Inu amene mukusosa mwezi uno, mitengo itatu, chingwe ndi mwala zili pakhomo panu pomwepo. Mbewu ya vetiva yambani kufunsa kwa alangizi ndi anansi lero, Januwale asanakupezeni chimanjamanja.