Msonkho Umene Uli Kale M'kati mwa Mtengo

Pali funso lina la masamu a malonda limene limagwetsa ophunzira ambiri, ndipo ine ndikuganiza kuti vuto lili m'kaphunzitsidwe kathu. Funsolo ndi ili: wasitolo waŵerenga ndalama zimene wagulitsa tsiku lonse, ndipo msonkho uli kale m'kati mwa mitengo yake. Kodi za msonkho ndi zingati?

Tiyeni titenge msonkho wa 16.5 peresenti, monga unalili muno m'Malaŵi m'chaka cha 2020, ndipo tinene kuti m'bokosi la ndalama mwapezeka K233,000. Kaŵirikaŵiri mwana amathamangira kupeza 16.5 peresenti ya K233,000, nalemba K38,445. Yankho limeneli nlolakwa, pakuti msonkho amauŵerengera pa mtengo wa katundu usanaikidwe msonkho. Mwanayo waŵerengera msonkho pa msonkho womwe.

Mtengo wa katundu tiuyese magawo 100. Msonkho ukuwonjezera magawo 16.5, kotero kuti ndalama za m'bokosi ndi magawo 116.5. Tikagaŵa K233,000 ndi 116.5, gawo limodzi likhala K2,000. Tsono malonda enieni ndi magawo 100, ndiwo K200,000, ndipo msonkho ndi K33,000 yotsalayo. Wasitolo wotsata yankho loyamba lija akanataya K5,445 pa tsiku limodzi lokha.

Aphunzitsi ena amati nkwapafupi kungopatsa ana lamulo loti aloŵeze: chulukitsani ndi 16.5, gaŵani ndi 116.5. Nzoona kuti lamuloli limafulumiza ntchito pa mayeso. Koma mwana wosadziŵa kumene 116.5 wachokera amasokonezeka msonkho ukangosintha, ndipo boma limausintha ndithu. Nchifukwa chake ndikuti muyambe ndi kumanga mtengo. Ana aike okha msonkho pa katundu wa K1,000 napeze K1,165. Kenaka afunseni 16.5 peresenti ya K1,165. Adzaona kuti yapitirira K165 imene anaika ndi manja ao. Lamulo libwere pambuyo pake.

Aphunzitseninso kudziyesa okha. Wochotsa K38,445 amatsala ndi K194,555. Akaikapo msonkho pa ndalama zimenezi apeza pafupifupi K226,657, osati K233,000. Yankho losabwerera ku ndalama za m'bokosi nlolakwa, ndipo mwana angathe kuona zimenezi popanda cholembera chanu chofiira.

Pomaliza, musaiŵale kuti si ndalama zonse za m'bokosi zimene zili ndi msonkho. Ndalama za chenji zimene anayamba nazo m'maŵa, ndi za katundu amene lamulo silimuikira msonkho, ziyambe zachotsedwa musanagaŵe. Ndiponso wamalonda wolembetsedwa amaloledwa kuchotsa msonkho umene analipira pooda katundu, napereka ku boma wotsalawo. Phunziro limenelo nla tsiku lina. Musaliyambe ana asanamvetse magawo 116.5 aja.